Phula linamira, ayisi anayandama

Magetsi anathima Lachisanu madzulo, ndipo pofika Lamlungu pakhomo pathu panali mavuto awiri. Loyamba linali la makandulo. Anali atatha, kwatsala tizidutswa tomwe timakakamira pa sosala ndi pakamwa pa mabotolo. Lachiwiri linali lalikulu, la mayi akunyumba, amene amagulitsa mafirizesi ndi madzi ozizira pageti: firiza inali itayamba kudontha, katundu akufewa.

Aliyense anagwira yake. Ine ndinatolera tizidutswa ta makandulo tija, n'kutiponya m'chitini cha mkaka, chitinicho n'kuchikhazika m'poto wa madzi otentha pambaula kuti ndiumbe kandulo mmodzi wamkulu. Mayi anatulutsa buloko ya ayisi imene amaumitsa m'chigubu cha malita 5, anacheka chigubucho ndi mpeni, n'kuiponya m'ndowa ya madzi pamodzi ndi mabotolo kuti asatenthe msanga. Wotiunikira ndi tochi ya foni anali mwana wa mlongo wanga, mtsikana wa Sitandade 7 amene timakhala naye.

## Funso la wogwira tochi

Anaunika m'chitini, anaunika m'ndowa, anabwereranso m'chitini. Phula linali litasungunuka theka, loyera ngati madzi, ndipo zidutswa zomwe zinali zisanasungunuke zinali phee pansi pa chitini. Ndikazitukula ndi kamtengo, zinkatsikanso.

"Amalume," anatero, "kandulo wolimbayo wakhala pansi pa kandulo wosungunuka. Nanga ayisi uyu bwanji sakukhala pansi pa madzi ake?"

Ine ndine mphunzitsi wa sayansi kusekondale, ndiye yankho linali pafupi. Ndinati ayisi ndi wopepuka kuposa madzi.

"Eya, ndaona kuti ndi wopepuka, n'chifukwa chake akuyandama. Koma si madzi omwewo amene azakhali anathira m'chigubu? Chachokamo n'chiyani kuti apepuke?"

Mayi anaseka ali chowerama pandowa. "Muyankhenitu mwanayo, aphunzitsi."

Funso limeneli silinandichoke, chifukwa mwanayo anagwira pamene mabuku ambiri a kusukulu amalumpha. Kunena kuti ayisi amayandama chifukwa ndi wopepuka ndi kubwereza funso lomwelo ndi mawu ena. Ndipo anaona chinthu chimene ambirife sitichiona: kuti chachilendo si phula lija, chachilendo ndi ayisi. Tinazolowera kuona ayisi ali pamwamba m'kapu mpaka timayesa kuti ndi mmene zinthu zimakhalira. Si choncho. Sungunulani phula, mtovu, golide, aluminiyamu ya mapoto, mchere, n'kuponyamo chidutswa cholimba cha chinthu chomwecho, chimira. Mafuta ophikira akaundana, choundanacho chimakhala pansi pa botolo. Madzi ali m'kagulu kochepa kwambiri ka zinthu zochita mosemphana ndi zinzake.

## Palibe chachokamo

Tiyambe ndi sikelo, chifukwa yankho la mwana uja lagona pamenepo. M'chigubu munalowa madzi olemera makilogalamu 5, ndipo ayisi amene anatulukamo ankalemeranso makilogalamu 5 omwewo. Palibe chinachokamo. Chimene chinasintha ndi malo amene madziwo anatenga.

Lita imodzi ya madzi ozizira imalemera pafupifupi magalamu 1,000. Lita imodzi ya ayisi imalemera magalamu 917. Kutembenuza masamuwo, madzi a malita 5 akaundana amafuna malo okwana malita 5.45. Ndiye kuti awonjezera pafupifupi theka la lita, kapena tinene magawo 9 pa 100 alionse. Aliyense woumitsa madzi m'zigubu amazidziwa izi popanda masamu: chigubu chimatupa mimba, pansi pake pamatukumuka mpaka chimakana kuima chokha.

Tsopano ponyani buloko imeneyo m'ndowa. Lamulo lakale la Archimedes limati chinthu choyandama chimamira mpaka chitakankha madzi olemera mofanana ndi icho. Buloko yathu ikulemera makilogalamu 5, ndiye iyenera kukankha malita 5 a madzi. Ikangomiza malita 5 a thupi lake, basi yakwanitsa, ndipo malita 0.45 otsala aja amakhala kunja. Ndi kamutu kamene mumakaona pamwamba pa madzi. Ngati buloko ndi yafulati, yochindikala masentimita 12, pamwamba pamaoneka sentimita imodzi yokha. M'nyanja zamchere, momwe lita ya madzi imalemera pafupifupi magalamu 1,025, kamutuko kamakula pang'ono, kufika gawo limodzi mwa magawo 10. N'chifukwa chake mapiri a ayisi oyandama m'nyanja zozizira amaopsa oyendetsa sitima zapamadzi: chooneka ndi chaching'ono, chachikulu chili pansi.

Pali kanthu kena kotuluka m'masamu omwewa komwe ana anga m'kalasi amakana mpaka ataona. Lembani mzere pandowa pamene madzi alekeza, ayisi akuyandama. Akasungunuka yense, madziwo amakhala pamzere pomwepo. Buloko inkakankha malita 5, ndipo ikasungunuka imasanduka malita 5, kudzaza ndendende malo amene inali itatenga kale.

Phula limachita mosemphanitsa. Lita ya phula la kandulo lolimba imalemera pafupifupi magalamu 900, koma losungunuka silifika 800. Likamauma limanyala. Kandulo wanga wa m'chitini uja m'mawa mwake anali ndi dzenje pakati, pamene phula linamaliza kuuma. Yang'anani tsono timabuloko ta ayisi m'thireyi ya mufiriji: pakati pamakhala kanundu. Pamene pamamaliza kuuma ndi pamene chinthu chimaonetsa khalidwe lake. Dzenje likutanthauza kuti cholimba chake chidzamira, kanundu kakutanthauza kuti chidzayandama. Mutha kudziwiratu musanaponye n'komwe.

Ena amati ndi mpweya. Zoonadi ayisi wa mufiriza amakhala woyera mbuu pakati chifukwa cha timathovu ta mpweya umene unali m'madzi, ndipo timathovuto timamupepulako pang'ono. Koma magalamu 917 aja ndi a ayisi woyera ngati galasi, wopanda thovu ndi limodzi lomwe. Nayenso amayandama.

## Mkangano wa ku Florence

Funso la mwana wa mlongo wangali linakanganitsapo akuluakulu. Mu 1611, mumzinda wa Florence ku Italy, Galileo anatsutsana ndi akatswiri otsatira ziphunzitso za Aristotle pa nkhani yomweyi. Iwo ankati kuzizira kumapanikiza zinthu, choncho ayisi ndi madzi opanikizika, olemera kuposa madzi wamba, ndipo amayandama chabe chifukwa amakhala wotambalala, sangathe kuboola madzi. Galileo anati ayi, ayisi ndi madzi otukumuka. Umboni wake unali wosavuta: mukankhireni pansi, abwerera yekha pamwamba, kaya ndi wotambalala kaya ndi wobulungira. Kukanakhala kuti kutambalala ndi kumene kukumuletsa kutsika, kukanamuletsanso kukwera.

Otsutsawo sanali opusa. Mmodzi wa iwo, Lodovico delle Colombe, anabweretsa mtengo wolemera wa mtundu wa phingo, n'kuonetsa kuti kampira kake kamamira koma kathabwa kake kopyapyala kamayandama ukakaika mosamala. Zimenezo ndi zoona, koma ndi nkhani ina, ya kakhungu ka pamwamba pa madzi komwe kamanyamulanso singano. Kathabwa kameneko ukangokanyowetsa n'kukakankhira pansi, sikabwereranso. Galileo analemba zonsezi mu 1612.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti otsutsawo anali ndi lamulo labwino. Kuzizira kumapanikizadi pafupifupi chilichonse. Anangoliika pa chinthu cholakwika. Ndipo Galileo, ngakhale anapambana, anangofika pamene ine ndinafika usiku uja pambaula: ayisi ndi wotukumuka. Chomutukumula sanachidziwe. Panadutsa zaka zoposa 300 mpaka anthu atayamba kuunika mkati mwa ayisi ndi ma X-ray m'zaka za m'ma 1920, ndipo mu 1933 John Bernal ndi Ralph Fowler ku Cambridge anafotokoza malamulo a mmene mamolekyu a madzi amagwiranirana.

## Anzake anayi okha

Madzi ndi timagulu ting'onoting'ono ta maatomu totchedwa mamolekyu. Iliyonse ili ndi atomu imodzi ya okosijeni ndi awiri a haidirojeni, n'chifukwa chake timalemba H2O. Maatomu atatuwa sanandandalike mzere wowongoka. Molekyuyo ndi yopindika ngati chilembo cha V, okosijeni ali pakona, ndipo mikono iwiriyo yatanuka madigiri 104.5.

Okosijeni ndi wadyera pa maelekitironi, tinthu ting'onoting'ono ta m'maatomu tokhala ndi mphamvu ya magetsi ya mbali ya mainasi, amawakokera kwa iye. Zotsatira zake, nsonga ziwiri za haidirojeni zimatsala ndi kamphamvu ka magetsi ka mbali ya pulasi, pamene kumsana kwa okosijeni kuli malo awiri okhala ndi kamphamvu ka mainasi. Pulasi ndi mainasi zimakokana. Haidirojeni wa molekyu imodzi amakokeka kumsana kwa okosijeni wa molekyu ina, ndipo kugwirana kumeneku ndi kumene akatswiri amati chigwirano cha haidirojeni. Ndi chofooka poyerekeza ndi chimene chamanga molekyuyo mkati mwake, koma chili ndi khalidwe limodzi lofunika: chimasankha mbali. Chimalimba pokhapokha haidirojeni ataloza molunjika kwa okosijeni wa mnzakeyo.

Werengani tsono. Molekyu iliyonse ili ndi manja awiri opereka ndi malo awiri olandirira. Ziwiri kuphatikiza ziwiri, anzake anayi. Ndipo anayiwo sangakhale paliponse: mmodzi amakhala pamwamba, atatu pansi atatalikirana mofanana, pakati pa awiri alionse pali ngodya ya pafupifupi madigiri 109. Molekyu iliyonse ikachita zimenezi, ndi anzake onse kuchitanso chimodzimodzi, pamatuluka chimango cha mphete za makona 6 zosanjikizana, ndipo pakati pa mphetezo pali mphako zopanda kanthu. Makona 6 omwewo ndi amene amaoneka pa tizidutswa ta chipale chofewa cha m'maiko ozizira.

Yerekezani ndi zitsulo zambiri monga mtovu, kopa kapena aluminiyamu. Maatomu ake sasankha mbali, amangokokana paliponse, ndiye zikalimba atomu iliyonse imazunguliridwa ndi anzake 12, kuthithikana mpaka pomaliza. Zikasungunuka, dongosolo limasokonekera, mipata imabuka apa ndi apo, ndipo chinthucho chimafufuma. Phula nalo, mamolekyu ake aataliatali amagona mondondozana likalimba, koma likasungunuka amapiringizika n'kutenga malo ambiri. Kwa zinthu ngati zimenezi, dongosolo ndi kuthithikana ndi chinthu chimodzi.

Mmene ndimawauzira ana m'kalasi ndi motere. Mukawauza ana a sukulu kuti aime mizere phewa ndi phewa kuti ajambulitse, amatenga malo ochepa kuposa pamene akungoyendayenda pabwalo. Limenelo ndi phula. Koma paasembule, mphunzitsi akati aliyense atambasule manja akhudze mnzake ndi nsonga za zala, kutsogolo ndi m'mbali, ana omwewo amadzaza bwalo lonse. Ali m'dongosolo, palibe akusuntha, koma atalikirana. Belu la phala likalira n'kuthamangira pakhomo la khitchini, dongosolo latha, aliyense akuyenda, koma apanikizana pakamalo kakang'ono. Ayisi ndi ana a paasembule aja.

Apa ndiyenera kutsutsa yankho limene ana ambiri amaloweza pamayeso, loti ayisi amayandama chifukwa cha chigwirano cha haidirojeni, basi. Yankholo ndi loperewera. Mowa weniweni, ethano, uli nacho chigwirano chimenechi, koma ukauumitsa choumacho chimamira. Amoniya nayenso ali nacho, ndipo choundana chake chimamira. Kusiyana kwake n'kwakuti ethano ali ndi dzanja limodzi lokha lopereka, pamene amoniya ali ndi atatu opereka ndi malo amodzi olandirira. Madzi ndi amene ali ndi ziwiri ndi ziwiri, zokwanirana bwino kumanga chimango champhako cha anzake anayi. Umboni wina ukuchokera kutali: silikoni, yemwe amapangira mapanelo a sola, alibe haidirojeni ndi mmodzi yemwe, koma atomu yake iliyonse imagwira anzake anayi m'mbali zomwezo, ndipo silikoni wolimba amayandama pa silikoni wosungunuka. Jemeniyamu amachitanso chimodzimodzi. Galiyamu ndi bizimasi nazonso zimatupa zikamalimba, ngakhale chimango chake ndi cha mtundu wina. Chinsinsi si haidirojeni payekha, koma chimango chokhala ndi anzake ochepa oimikidwa m'malo osasinthika.

## Akasungunuka sathawana

Tikamva kuti ayisi wasungunuka timaganiza kuti zigwirano zonse zaduka. Ayi. M'madzi a m'ndowa zambiri zikadalipo. Chimene chasintha n'chakuti tsopano zikupindika, kuduka ndi kumangikanso ndi mnzake wina, kambirimbiri kosawerengeka pa sekondi imodzi. Chimango chija chimagwa, mphete zimaphwanyika, ndipo mamolekyu amene anali patali amagwera m'mphako zija.

Pali kanthu kodabwitsa pamenepa. M'ayisi, kuchokera pa okosijeni mmodzi kufika pa wa mnzake wapafupi pali mananomita 0.276, ndipo nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a milimita. M'madzi mtunda umenewu ndi wotalikirapo pang'ono. Ndiye kuti oyandikana enieni atalikirana, komabe lita ya madzi ikulemera kuposa ya ayisi. Zikutheka chifukwa kulemerako sikukuchokera kwa anzake anayi apafupi aja. Kukuchokera kwa a mzere wachiwiri, amene m'ayisi chimango chinkawatsekereza patali, koma tsopano alowerera m'malo amene munalibe kanthu. Mwana uja anafunsa chimene chinachokamo. Yankho lake n'lakuti palibe chinachoka, koma munalowa mipata.

## Madigiri 4

Kutukumukaku sikudikira kuti madzi aundane. Madzi akamazizira kuchokera pa kutentha kwa m'nyumba, amanyala ngati china chilichonse, chifukwa mamolekyu akuchepetsa kunjenjemera. Lita imene imalemera magalamu 998 pa madigiri 20 imafika pafupifupi 1,000 pa madigiri 4. Koma kuzizira komweko kukupatsanso mamolekyu mpata wowongola zigwirano zawo, kuyamba kuima mwa anayianayi apa ndi apo. Mphamvu ziwirizi zikukokana, ndipo pa madigiri 4 yachiwiriyo imayamba kupambana. Kuchokera pamenepo mpaka pa 0 madzi amapepukanso, ngakhale pang'ono kwambiri, kosakwana gawo limodzi mwa magawo 5 a galamu pa lita.

Thomas Charles Hope wa ku Edinburgh anazionetsa bwino m'zimene anafalitsa mu 1805. Chida chimene chimadziwika ndi dzina lake ndi mtsuko wautali wa madzi, womangidwa lamba wa ayisi wosakaniza ndi mchere pakati, wokhala ndi choyezera kutentha china pansi, china pamwamba. Poyamba cha pansi ndi chimene chimatsika, chifukwa madzi ozizira akumira. Chikafika pa madigiri 4 chimaima. Kenako cha pamwamba chimayamba kutsika mpaka pa 0, chifukwa madzi ozizira kuposa madigiri 4 tsopano akukwera.

Kusiyana kwakung'ono kumeneku ndi kumene kumalamulira nyanja za m'maiko ozizira ngati Canada, Finland ndi Russia. Dzinja lawo likamayamba, madzi a pamwamba amazizira n'kumira, a pansi n'kukwera, mpaka nyanja yonse itafika pafupi ndi madigiri 4. Zikatero kusinthanako kumaima. Ozizira kwambiri amatsala pamwamba, amaundana pomwepo, ndipo ayisiyo amakhala ngati chivundikiro chochedwetsa kuzizira kwa madzi a pansi. Nsomba zimakhala pansipo mpaka kutentha kubwerere. Ayisi akanakhala womira, bwenzi akuunjikana pansi pomwe dzuwa silifika, pamwamba n'kumaundana watsopano.

Ife kuno mbali imeneyi sitiiona. Nyanja ya Malawi, ngakhale mwera wa mu Juni ndi Julayi utaomba bwanji, madzi ake satsika pa madigiri 20, ndiye amatsata lamulo wamba loti ofunda pamwamba, ozizirirapo pansi. Ayisi wachilengedwe timakumana naye pa matalala, kapena pa chisanu chimene chimayeretsa udzu ku Nyika ndi pamwamba pa phiri la Mulanje m'miyezi yozizira. Matalala akagwera m'mgolo wa madzi a mvula, taonani, amayandama.

## Botolo losweka

Kwa ife nkhani imeneyi imafika mufiriza. Botolo la mamililita 500 lodzazidwa mpaka pakamwa limafuna malo a mamililita 545 madziwo akaundana. Mamililita 45 amenewo ndi masupuni aakulu atatu. Pulasitiki imatamuka n'kuwapatsa malo, ngakhale nthawi zina chitsekerero chimathethemuka kapena pansi pamang'ambika. Galasi silitamuka.

Mphamvu yake ndi yoopsa. Mu 1849 James Thomson anawerengera kuti, poti ayisi amatenga malo ambiri kuposa madzi, kupanikiza madzi kuyenera kuwachedwetsa kuundana, ndipo mchimwene wake William, yemwe anadzatchedwa Lord Kelvin, anaziyesa chaka chotsatira n'kupeza kuti ndi zoona. Koma kuti mutsitse mlingo umene madzi amaundanapo ndi digiri imodzi yokha, pamafunika kupanikiza koposa ka 130 kuyerekeza ndi mmene mpweya wa padziko umatipanikizira. Firiza yabwino imafika madigiri 18 kunsi kwa ziro. Kuti botolo liletse madzi kuundana pamenepo, liyenera kupirira kupanikiza koposa ka 1,500. Palibe botolo lotero. Mphamvu imeneyi ndi yomwe imang'amba miyala m'mapiri ozizira, ndipo ndi yomwe imaphulitsa mapaipi a madzi m'nyumba za abale athu okhala ku Britain nthawi yachisanu.

Ndiye nzeru yake ndi kusiya mpata, gawo limodzi mwa magawo 10. Koma mayi akunyumba angakuuzeni kuti nthawi zina botolo limasweka ngakhale munasiya mpata, ndipo chifukwa chake ndi dongosolo la kaundanidwe. Madzi amayamba kuuma kunja, m'mbali ndi pamwamba, pakati n'kumalizira. Ngati botolo ndi la khosi lopapatiza ndipo madzi afika m'khosimo, khosilo limauma msanga n'kukhala chitsekerero cha ayisi chosasuntha. Madzi otsala m'mimba mwa botolo atsekeredwa, mpata uja sangaufikire, ndipo akamatupa amakankha m'mbali. Mungazidziwe poona mmene laswekera: pamwamba pa ayisi pakadali mpata wosadzaza, koma mng'alu watsika m'mbali kapena pansi pachoka. N'chifukwa chake madzi ayenera kulekeza pansi pa mapewa a botolo, pomwe likadali lotakata, kuti chivundikiro cha ayisi chithe kung'aluka kapena kukankhika m'mwamba. Mabotolo a galasi a zakumwa za gasi ndi oopsa kuposa onse, chifukwa ayisi akamapangika amakankhira gasiyo kunja, ndipo kupanikiza kwa gasi kumaonjezera pa kwa ayisi. Mafirizesi amapulumuka chifukwa timapepala take ndi tofewa, malinga womanga asiye kampata asanamange mfundo.

## Pamene ayisi amamira

Kuyandama si khalidwe la ayisi payekha, ndi mpikisano wa iye ndi chimene wagweramo. Parafini wa nyali amalemera pafupifupi magalamu 800 pa lita, ndipo sipiriti nayenso ali chapomwepo. Ponyanimo kabuloko ka ayisi, kapita pansi ngati mwala. Chosangalatsa kuona ndi mafuta ophikira, amene lita yake imalemera pafupifupi magalamu 920, pafupi kwambiri ndi 917 ya ayisi. M'mafuta ambiri kabuloko kamangolendewera chapamwamba, ndipo kakamasungunuka, dontho la madzi limakula kunsi kwake, n'kuduka, n'kutsika pang'onopang'ono mpaka pansi pa kapu. Chinthu chimodzi, cholimba chili pamwamba, chosungunuka chake chikumira, mafuta ali pakati ngati sikelo. Kuyesa kumeneku ndimakuchita m'kalasi pamodzi ndi chitini cha phula, ndipo sindiperekanso yankho la "wopepuka" ndisanawaonetse ana ziwirizi.

Palinso ayisi womira m'madzi wamba. Madzi olemera, D2O, ali ndi haidirojeni wa mtundu wolemera kawiri, wotchedwa dyuteriyamu. Chimango cha ayisi wake ndi chomwechija, mphako zake ndi zomwezija, koma molekyu iliyonse ikulemera kuposa ya madzi wamba ndi magawo 11 pa 100. Mipata imachotsa 9, kulemera kumaonjezera 11, ndiye lita yake imapitirira pang'ono magalamu 1,000 ndipo m'kapu ya madzi akumwa amatsika pansi. M'madzi olemera anzake amayandama bwinobwino.

Ndipo chimango champhako chija chili ndi malire ake. Mukapanikiza madzi koposa ka 2,000 kuyerekeza ndi mpweya wa padziko, saundananso mwa njira imene timaidziwa. Gustav Tammann ku Germany anapeza mu 1900 mitundu ina iwiri ya ayisi, imene imalembedwa II ndi III, ndipo lero ikudziwika yoposa 15. Lita ya ayisi III imalemera pafupifupi magalamu 1,160. M'mitundu imeneyi molekyu iliyonse ikadagwirabe anzake anayi, koma ngodya zija zapindika mokakamizidwa, mphete zaphwatalala, mphako zatsekeka. Ayisi wotere amamira m'madzi ake, monga chimachitira cholimba china chilichonse.